Mtengo Woyambira pa Kaunjika: Kusiya Malo Otsikira Osadya Mpamba

M'misika ya m'dera la Mfumu Chowe, monganso ku Mangochi boma ndi ku Namwera, palibe amene amagula malaya a kaunjika pa mtengo umene wautchula wogulitsa. Wogula amanenerera, wogulitsa amatsika, ndipo onse awiri amadziwa kuti mtengo woyamba uja ndi khomo chabe lolowera m'nkhani. Vuto n'lakuti ambiri ochita geni amatchula mtengo woyambawo mongoganizira, kapena potengera zimene akufuula wa pafupi nawo. Akatsika kawiri katatu pa malaya aliwonse, belo imatha koma ndalama yokaodera ina yosakwana.

Mtengo woyambira suwerengedwa poyamba. Umawerengedwa pomaliza, wogulitsa atadziwa kale mitengo ina iwiri. Woyamba ndi mtengo wapansi, umene akatsika kupitirira pamenepo ndiye kuti wayamba kudya mpamba. Wachiwiri ndi mtengo umene akufuna kuti malonda azithera, umene uli ndi phindu lake m'kati. Mitengo iwiriyi imakhala mumtima mwa wogulitsa, wogula saimva. Wachitatu, woyambira uja, ndi umene umatuluka pakamwa.

Kudziwa zimene belo yadya

Mayi wina wa ku Chowe, mongoyerekezera, wakaoda ku Limbe belo ya makilogalamu 45 ya malaya a abambo. Ziwerengero zotsatirazi ndi zachitsanzo, ndipo aliyense angaikepo zake malinga ndi mitengo ya sabata imene akuoda.

Belo waigula pa K300,000. Ulendo wopita ndi kubwerera, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, pamodzi ndi kulipirira katundu mpaka kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire n'kufika kwawo, wadya K40,000. Sopo wochapira malaya akuda ndi makala ositira zatenga K5,000. Akuyembekeza kuti belo itha pa masiku anayi a msika, ndipo chiphaso cha khonsolo, majumbo, kabaza wonyamula katundu ndi kachakudya ka masana pa masiku anayiwo zikwana K15,000. Zonse pamodzi ndi K360,000. Iyi ndiyo ndalama imene belo yadya, osati K300,000 imene inalembedwa pa lisiti.

Atamasula belo wapeza malaya 200. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amagawa K360,000 ndi 200, n'kupeza K1,800, basi n'kumati malaya aliwonse akagulidwa kuposa K1,800 apindula. Koma belo simabwera ndi malaya ofanana. Mayi uja atasankha bwinobwino wapeza kuti 40 ndi abwino kwambiri, aja amati nambala wani. Ena 90 ndi apakati. Ena 50 ndi ofwifwa kapena a masayizi ovuta, ndipo 20 ndi ong'ambika kapena othimbirira moti sangagulidwe.

Malaya 20 aja sabweretsa kanthu, ndipo 50 ofwifwawo palibe amene angawagule pa K1,800. Choncho malaya abwino ndiwo ayenera kusenza anzawo. Wogulitsa amene walola nambala wani kupita pa K2,500, n'kumasangalala kuti wapindula K700, waluza osadziwa.

Mtengo wapansi ndi mtengo wothera

Njira yake ndi kuyambira pansi. Mayi uja akudziwa kuti malaya ofwifwa, zitavuta, apita pa K800, ndipo 50 abweretsa K40,000. Apakati akawaika pa K2,000, onse 90 abweretsa K180,000. Kuti K360,000 ikwane pakutsala K140,000, imene iyenera kuchokera ku malaya 40 abwino aja, kutanthauza K3,500 aliwonse. Mitengo yake yapansi ndiye imeneyi: K3,500, K2,000 ndi K800. Akagulitsa belo yonse pa mitengo imeneyi ndiye kuti wangobweza mpamba, thukuta lake lapita pachabe.

Tsopano aikepo phindu. Poona mmene malaya otere akuyendera m'misika yoyandikana nayo, akuona kuti nambala wani atha kumathera pa K4,500, apakati pa K2,500, ofwifwa pa K1,000. Akaphatikiza apeza K180,000, K225,000 ndi K50,000, zonse K455,000. Kuchotsapo K360,000 patsala phindu la K95,000. Ngati phindu limeneli silikumukwanira, vuto lili pa belo imene waoda kapena pa zowonongera pa ulendo. Kukweza mtengo woyambira sikungakonze zimenezo, chifukwa mtengo wothera amaulamula ndi msika.

Pali chinthu china chimene chimasuntha mtengo wapansi, ndicho mtengo wa belo yotsatira. Kaunjika amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa mitengo ya mabelo imatsatira msanga. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anapitiriza kugulitsa katundu wakale pa mitengo yakale anapeza kuti ndalama imene atolera sikugulanso katundu wofanana ndi amene anali naye. Ngati mayi uja wamva kuti belo yomweyo tsopano ili pa K340,000, ndiye kuti kubwerera pa geni kumudyera K400,000, ndipo phindu lenileni pa K455,000 ija ndi K55,000 yokha. Ndi chifukwa chake wochenjera amaimba foni kwa anzake a ku Limbe asanatsegule msika, n'kuwerengera mtengo wapansi pa belo ya mawa osati ya dzulo.

Kuwerengera mtengo woyambira

Kunenerera kumakhala ndi kayendedwe kake. Pa chovala chabwino, wogula akamva mtengo kawirikawiri amatchula ndalama yoyandikira theka lake. Akakokanakokana, mmodzi wa iwo amati akumane pakati. Pakati pa mtengo wonse ndi theka lake pali magawo atatu mwa anayi a mtengo uja. Kunena kwina, pa msika wotere wogulitsa amataya gawo limodzi mwa anayi a mtengo umene anayambira.

Ndiye kuti malaya athere pa K4,500, ayambire pati? Ambiri amaonjezera gawo limodzi mwa anayi a K4,500, n'kupeza cha m'ma K5,600. Masamu amenewa ndi olakwika, chifukwa chochotsedwacho chimawerengedwa pa mtengo woyambira, umene ndi waukulu. Theka la K5,600 ndi K2,800, ndipo pakati pake ndi K4,200. Wasemphana ndi cholinga chake ndi K300.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: wofuna kusiya gawo limodzi mwa anayi aonjezere gawo limodzi mwa atatu. Gawo limodzi mwa atatu a K4,500 ndi K1,500, ndiye mtengo woyambira ndi K6,000. Wogula akatchula K3,000, pakati pake ndi K4,500 ndendende. Zikavuta kwambiri, pansi pa K4,500 patsalabe K1,000 asanafike pa mtengo wapansi.

Kusiyana kwa K1,000 pa mtengo woyambira kumaoneka ngati kochepa, koma taonani zotsatira zake pa belo. Mayi uja akayambira pa K5,000 poopa kuthawitsa anthu, wogula atchula K2,500 ndipo akumana pa K3,750. Sanadye mpamba, koma pa malaya aliwonse wataya K750. Pa malaya 40 imeneyo ndi K30,000, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a phindu la belo yonse.

Mbali inayo ilinso ndi msampha wake. Akayambira pa K9,000 poganiza kuti malo otsikira achuluka, anthu ambiri satchulanso ndalama yawo. Amaika malaya pansi n'kumapita, chifukwa munthu amachita manyazi kutchula K3,000 pa chinthu chimene auzidwa kuti ndi cha K9,000. Ndipo amene angalimbe mtima n'kuona wogulitsa akugwa kuchoka pa K9,000 kufika pa K4,500 sadzakhulupiriranso mtengo uliwonse wa mayiyo. Ulendo wotsatira adzayambira pansi penipeni.

Malo otsikira sakhala ofanana pa katundu yense. Pa malaya apakati anthu sakokana nthawi yaitali, chifukwa aliyense amadziwa mtengo wake ndipo ofanana nawo ali mbwee pa mphasa ya pafupi. Pamenepa kuyambira pa K3,000 kuti zithere pa K2,500 n'kokwanira. Ofwifwa aja safuna kunenerera n'komwe. Amaunjikidwa pamodzi, wogulitsa n'kumafuula mtengo umodzi wa K1,000, aliyense asankhe yekha. Wofuna kuchotseredwa auzidwe kuti atenge atatu pa K2,500, zimene zikusiyabe malaya aliwonse pamwamba pa K800.

Katsikidwe

Mtengo woyambira wabwino umawonongeka ngati wogulitsa satha kutsika. Malo a K1,500 aja ayenera kugawidwa m'masitepe atatu, lililonse laling'ono kuposa linzake. Zokambirana zake zitha kuyenda motere.

"Malaya awa ndi zingati, amayi?"

"K6,000, bambo. Taonani kolala yake, ngati sanavalidwepo."

"Ii, mwadulitsa. Ine ndili ndi K3,000."

"Imeneyo yachepa, bambo. Chabwino, ndikuchotsereni, perekani K5,200."

"Ndionjezere pang'ono, K3,800."

"Onjezeraninso. Ndafika pa K4,700."

"K4,200 basi, amayi, ndikufuna kutsalako ndi yokwerera."

"K4,500, bambo, ndiye mapeto. Ndikuikireni m'jumbo?"

Mayi uja watsika ndi K800, kenako K500, pomaliza K200. Wogula akuona yekha kuti masitepe akufupika, ndipo akudziwa kuti pansi payandikira. Akanatsika ndi K500 katatu, bamboyo akanayembekezera K500 ina, chifukwa palibe chikanamuonetsa kuti kutsika kwatha.

Chachiwiri choyenera kuona n'chakuti mayiyo sanatsikepo kawiri motsatizana wogula asanasunthe. Wogula akangokhala chete, kapena akamatembenuzatembenuza malaya uku akupukusa mutu, wogulitsa wamantha amayamba kudzichotsera yekha. Akafika pa K5,000 wogula ali chikhalire pa K3,000, mawu oti akumane pakati amugwetsera pa K4,000. Pakati pamasuntha nthawi iliyonse imene mbali imodzi yasuntha, ndiye amene wasuntha yekha ndi amene waluza.

Chachitatu, mtengo wapansi sutchulidwa. Funso loti "mtengo womaliza ndi zingati?" limabwera msanga, nthawi zina wogula asanatchule n'komwe ndalama yake. Wogulitsa akayankha K3,500, kunenerera kumayambiranso pamenepo. Yankho loyenera ndi kubweza funso mwaulemu: "Inu mwakonzeka kupereka zingati, achimwene?" Ndipo mawu oti mapeto akatuluka azikhaladi mapeto. Kunama mtengo woodera, kapena kulumbira kuti palibe phindu pamene lilipo, kumathandiza tsiku limodzi lokha. M'dera ngati Chowe ogula ndi omwewo sabata ndi sabata, ndipo amauzana.

Wogula akakana K4,500 n'kuyamba kuchoka, m'pamene K1,000 yotsala ija imagwira ntchito. Koma isaperekedwe chabe. Wotenga malaya awiri atha kupatsidwa onse pa K8,500. Wotenga nambala wani pa K4,500 atha kuonjezeredwa malaya amodzi ofwifwa pa K500. Kutsika kogulitsa katundu wambiri kumafulumizitsa belo. Kutsika kongothamangira munthu mmodzi kumaphunzitsa oonerera onse kuti njira yopezera mtengo wotsika ndi kutembenuka.

Timabowo ting'onoting'ono

Pali ndalama zina zimene zimatayika malonda atatha kale. Chenje ndi chimodzi. Akagwirizana K4,700 wogula n'kutulutsa K5,000, wogulitsa wopanda ma K100 ndi ma K200 amakakamizika kubweza K500, ndipo K200 yapita. Wofuna kutsika ndi timasitepe ting'onoting'ono ayenera kufika pa msika ndi chenje chokwanira. Wolipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba nayenso akambirane naye zoti yotapira alipira ndani asanatseke mtengo, osati ndalama italowa kale. Ngongole ndi bowo lina. Malaya otengedwa kuti adzalipiridwe pa kutha kwa mwezi sayenera kutsikanso mtengo, chifukwa kudikirako ndi kuchotsera kale.

Kudziwa ngati mtengo uli bwino

Lamulo la gawo limodzi mwa atatu ndi poyambira chabe. Msika uliwonse uli ndi khalidwe lake, ndipo njira yolidziwira ndi kulemba. Pa tsiku loyamba la belo, wogulitsa alembe m'kope anthu khumi oyambirira ofunsa nambala wani: ndalama imene aliyense watchula poyamba, ndi pamene malonda athera.

Ngati ambiri alipira atangochotseredwa kamodzi, kapena ena alipira osanenerera n'komwe, mtengo woyambira wachepa ndipo ukwere ndi K500. Chizindikiro china ndi pamene ogulitsa anzake akubwera m'mamawa kudzapikula malaya abwino pa mphasa yake. Sangatero ngati sakuona phindu limene iye akulisiya. Ngati ambiri achoka osatchula ndalama iliyonse, mtengo wakwera mopitirira. Koma ngati ambiri akutchula ndalama yawo, kukokana kukuchitika, ndipo malonda akuthera pafupi ndi K4,500, ena pamwamba pang'ono ena pansi pang'ono, mtengowo uli m'malo mwake. Kuchoka kwa anthu awiri kapena atatu mwa khumi si vuto. Wogulitsa amene palibe ndi mmodzi yemwe amamuchokera ndiye kuti akugulitsa motchipa.

Kopelo limaonetsanso ngati ogula a pa msikawo amadula theka kapena ayi. Kumene amangochotsa pang'ono, monga kutchula K5,000 pa chinthu cha K6,000, malo otsikira a K1,500 ndi ochuluka, ndipo kuyambira pa K5,500 kungakope anthu ambiri popanda kusintha pothera.

Nyengo ndi msinkhu wa belo

Mtengo woyambira suima malo amodzi chaka chonse. Anthu akakolola n'kugulitsa mbewu, kuyambira cha mu Meyi mpaka Julayi, ndalama imapezeka ndipo kukokana kumafupika. Ku Mangochi, kumene Asilamu ndi ambiri, masiku oyandikira Idi mabanja amafuna zovala zabwino, chimodzimodzinso nthawi imene ana akutuluka ku jando ndi ku nsondo. Pa nthawi zimenezi wogulitsa atha kusunga mtengo woyambira womwewo koma kufupikitsa masitepe, kuti malonda azithera pa K5,000. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama ya pakhomo ikupita ku chimanga, mtengo woyambira wokwera umangothamangitsa anthu. Pamenepo ndi bwino kuyambira pafupi ndi pothera, ndi kuvomereza phindu lochepa.

Belo nayonso imakalamba. Tsiku loitsegula ndi limene nambala wani amagulidwa pa mtengo wabwino, choncho limenelo si tsiku lotsikira msanga. Pofika tsiku lachitatu la msika, malaya abwino otsala aonedwa kale ndi aliyense, ndipo ayenera kuyambira pa K5,000. Mtengo wapansi umagwira ntchito mpaka ndalama yokaodera belo ina itakwana m'thumba. Ikakwana, zotsalira zitha kupita pa mtengo uliwonse, chifukwa malaya ogona m'thumba mwezi wathunthu akutsekereza ulendo wa ku Limbe. Cholakwika chofala ndi kutembenuza dongosololi: kutsika msanga pa malaya abwino tsiku loyamba, kenako kuumirira mtengo pa zofwifwa pofuna kubweza zimene zinatayika.

Pa katundu wa miyulu

Wogulitsa usipa kapena kambuzi wouma wa ku Malombe sanenerera mtengo wa mulu, koma naye ali ndi malo ake otsikira. Malowo ndi banyira. Ngati ndowa imatulutsa miyulu 30, ndipo wogula aliyense akuonjezeredwa kadzanja kofanana ndi gawo limodzi mwa asanu a mulu, miyulu yogulitsidwa imatsika kufika pa 25. Mtengo wa mulu uyenera kuwerengedwa pa 25 osati pa 30. Njira yachidule ndi kupatula nsomba za banyira m'kambale pambali asanaike miyulu, kuti mbaleyo ikatha adziwe kuti kuonjezera kwa tsikulo kwathanso. Masamu ake ndi ofanana ndi a malaya: chimene chidzaperekedwe pokambirana chiwerengedwe kunyumba, wogula woyamba asanaime pa mphasa.